Kasitomala wandinamizira, koma ndikufuna kumubwezera gawo la ndalama

"Ndili ndi kasitolo ka ziwiya ndi zipangizo zamagetsi. Bambo wina anagula ketulo yamagetsi, ndipo patatha milungu isanu waibweza itafa, m'kati mwake pansi pali popsa. Wandilembera uthenga wautali woti ndimagulitsa zinthu zachinyengo, kuti mnyamata wanga anamuchitira chipongwe, ndipo akufuna ndalama zake zonse. Ine ndikuona kuti anaiyatsa mulibe madzi. Sindikufuna mkangano, ndipo ndingakonde kumubwezera gawo la ndalamazo, koma ndikuopa kuti zidzaoneka ngati ndavomera mlandu. Ndimuyankhe bwanji?"

Mayi, mantha anuwo ndi omveka, ndipo mankhwala ake ali m'kalembedwe ka yankho. Ndalama zobwezedwa popanda kufotokoza chifukwa chake zimaoneka ngati chindapusa cha munthu wolakwa. Koma mukayamba mwalemba zimene mwapeza pa ketuloyo, kenako n'kunena kuti ndalamazo mukuzipereka mwa kufuna kwanu, palibe amene angawerenge kalatayo n'kunena kuti mwavomera kugulitsa katundu wachinyengo. Zimene zinachitika zikhale pazokha, ndalama zikhale pazokha, ndipo zinthu ziwirizi zisasakanikirane m'chiganizo chimodzi.

Musanalembe chilichonse, siyani foni ndipo mutenge ketuloyo m'manja. Ndikunena zimenezi chifukwa mwati "ndikuona kuti anaiyatsa mulibe madzi", ndipo kalata yolimba siimangidwa pa kuona chabe. Pa zaka zimene ndakhala kuseri kwa kauntala, madandaulo ena amene ndinawatenga ngati amwano anadzapezeka kuti anali ndi kachoonadi kobisika pansi pa mkwiyowo. Munthu akhoza kukulankhulirani zachipongwe koma n'kukhala kuti katundu wake analidi ndi vuto.

Yambani ndi zosavuta. Ilumikizeni pa soketi ina imene mukudziwa kuti ikugwira ntchito. Ngati pulagi yake ili ndi fyuzi, sinthani fyuziyo. Tengani ketulo ina ya mtundu womwewo pa shelefu, muike ketulo yakufayo pa chokhalira cha yatsopanoyo, kenako muike yatsopanoyo pa chokhalira cha yakufayo. Pakangopita mphindi zisanu mudzakhala mutadziwa ngati vuto lili m'chingwe, m'chokhalira, kapena m'ketulo mwenimwenimo. Mukatero suzumirani m'kati ndi tochi. Ketulo imene yatenthedwa ilibe madzi imasintha mtundu pa chitsulo cha pansi: pamakhala mabala abulauni kapena obiriwira ngati chitsulo chimene chakhala pamoto, ndipo nthawi zambiri mabalawo amazungulira motsata pamene padutsa chotenthetsera kunsi kwake. Mukainunkhiza pansi mumamva fungo la pulasitiki yopsa, ndipo nthawi zina pulasitikiyo imakhala itakwinyika. Chenjerani ndi zoyera zokakamira ngati choko, chifukwa izo zimachokera ku mchere wa m'madzi ndipo si umboni wa kupsa. Zimachoka mukathira viniga, pomwe bala la moto silichoka. Ngati muli ndi mmisiri wa zamagetsi amene mumamukhulupirira, mupatseni ayeze ndi mita yake. Chotenthetsera chamoyo cha ketulo ya mawati 2000 pa mavoti 230 chimaonetsa pafupifupi ma omu 26. Mita ikasonyeza kuti njira yaduka, ndiye kuti chotenthetseracho kapena kafyuzi koteteza kutentha ka m'kati kapsa. Mupempheni akulembereni mizere iwiri yokha ya zimene wapeza, ndi tsiku lake, ndipo inu mujambule zithunzi.

Pali chinthu chimodzi chimene ambiri amachilumpha, ndipo n'chimene chingatembenuze nkhani yonse. Werengani bokosi la ketuloyo. Maketulo ambiri amasiku ano amalembedwa kuti amazima okha madzi akauma. Ngati bokosi la yanuyo likulonjeza zimenezi, ndiye kuti bambowo akhoza kukhala kuti analakwitsadi poiyatsa yopanda madzi, koma nayonso ketuloyo yalephera kuchita chimene inalonjeza. Zikatero dandaulo lawo silopanda chilungamo kotheratu, ndipo njira yanu yoyamba ikhale kwa amene munapikulako, muli ndi lisiti lanu ndi khadi la galanti, kukapempha kuti asinthe. Chitetezo chimenechi chimatha kugonja ketulo ikaumitsidwa kangapo, ndipo mabala okhuthala osanjikizana amasonyeza zimenezo, koma amenewa ndi mawu oti anene mmisiri, osati inu mwa mkwiyo.

Chifukwa chimene ndikukakamira pa kufufuzaku n'chakuti m'mayiko ambiri katundu akakhala ndi vuto lochokera kofakitale, lamulo limapatsa wogula ufulu woti amukonzere, amusinthire kapena amubwezere ndalama, ndipo chikwangwani chonena kuti katundu akatuluka sabwezedwa sichichotsa ufulu umenewo. Ku Britain, mwachitsanzo, lamulo la ufulu wa ogula la 2015 limalola munthu kubweza katundu wolakwika m'masiku 30 oyamba n'kulandira ndalama zonse, ndipo pambuyo pake, mpaka itakwana miyezi 6 kuchokera tsiku limene analandira katunduyo, wogula akapempha kukonzeredwa kapena kusinthiridwa, wogulitsa ndiye ayenera kusonyeza kuti vutolo panalibe pogulitsa. M'mayiko a mu mgwirizano wa ku Ulaya wogulitsa amayankha za katundu wotere kwa zaka 2. Werengani zimene lamulo la kwanuko likunena. Ngati vuto ndi la ketulo, kupereka gawo la ndalama si kukoma mtima, ndi kumana munthu zake. Kubweza gawo kumakhala kwa chilungamo pokhapo pamene mwatsimikiza kuti mulibe ngongole iliyonse kwa iye.

Tsopano tinene kuti mwafufuza, bokosi silikulonjeza kuzima lokha, kapepala ka malangizo kakuchenjeza momveka kuti isayatsidwe yopanda madzi, ndipo mmisiri wagwirizana nanu. Mubweze zingati?

Musatchule nambala imene yangobwera m'mutu chifukwa cha chisoni kapena kutopa. Iwerengereni kuchokera pa mtengo wopikulira. Kuti tisavutike, tiyerekeze kuti ketuloyo munaigulitsa pa 100, ndipo inu munaipikula pa 70 kuphatikizapo mayendedwe. Phindu lanu linali 30. Mukabweza 100 yonse, mwataya 70 ya mpamba ndipo mwatsala ndi ketulo yakufa. Pamafunika kugulitsa maketulo ena atatu kuti dzenjelo litsekeke. Mukabweza 30, simunapindule komanso simunaluze, mwangogwira ntchito yaulere pa malonda amenewo. Mukabweza 50, ndiye kuti 20 yatuluka mu mpamba. Pa nkhani ngati yanuyi ine ndimaima pa phindu: ndimabweza zimene ndinapindula, mpamba sindiukhudza. Nambala imeneyi ili ndi ubwino woti ili ndi maziko. Munthu akayamba kunenerera kuti muwonjezere, inu mukudziwa mumtima chifukwa chimene mwaimira pamenepo, ndipo simugwedezeka ngati mmene amachitira amene anangotchula theka mwachisawawa.

Pali njira inanso imene ndimakonda kuiika pambali pa ndalama. Bambowo chimene akusowa kwenikweni ndi ketulo yogwira ntchito. Mukhoza kuwauza kuti asankhe: alandire 30 m'manja, kapena atenge ketulo yatsopano mutachotsera 40. Onani mmene zikukhalira kumbali yanu. Ketulo yachiwiriyo akulipira 60, inu munaipikula pa 70, ndiye mwaluza 10 pa iyo, koma 30 ya phindu la ketulo yoyamba ikadali m'thumba lanu. Pamapeto mwatsala ndi 20, iwo alandira zochuluka kuposa za njira yoyamba, ndipo atuluka m'sitolo mwanu atanyamula katundu m'malo mwa mkwiyo. Komabe musawakakamize njira imeneyi. Munthu amene wakwiya nanu akamva kuti chithandizo chokhacho ndi kugulanso kwa inu, amaona ngati msampha. N'chifukwa chake njira ya ndalama iyenera kukhalapo.

Za mnyamata wanu, mufunseni panokha, osati pamaso pa anzake, ndipo mumufunse kuti ananena mawu ati enieni, osati ngati anachita chipongwe. Kawirikawiri pamapezeka kuti sanatukwane, koma anangoyankha mwachidule kuti "sitibweza" asanatsegule n'komwe chivundikiro cha ketuloyo. Ngati ndi choncho, pamenepo mwapeza chinthu choona chimene mungapepese ndi mtima wonse, ndipo kalata yanu ikuchifuna chinthu chotere.

Pa kupepesa m'pamene ambiri amagwera. Ine ndinagwerapo. Mayi wina anabweza simbi yamagetsi imene chingwe chake chinapsa chifukwa anachikulunga pa simbi ikadali yamoto, ndipo pofuna kumutonthoza ndinalemba kuti "pepani chifukwa cha vuto la katundu wathu". Patapita masiku awiri anabwera ndi mwamuna wake, uthenga wangawo uli poyera pa foni, akuloza ndi chala mawu akuti "vuto la katundu wathu". Ndinalibe choyankha, chifukwa ndinali nditalemba ndekha zimene sindinkakhulupirira, ndipo ndinabweza ndalama zonse. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata, ndipo mlomo wolembedwa umatsata kwambiri kuposa wolankhulidwa. Choncho pepesani chinthu chimene mungachitchule ndi dzina: kuyankhidwa mwachidule, kudikira, kukhala opanda ketulo. Pewaninso kupepesa kwa "ngati", monga "pepani ngati munakhumudwa". Munthu amene wakulemberani ndime zisanu za mkwiyo amamva mawu amenewo ngati mukukayikira kuti anakhumudwadi.

Nayi kalata mmene ndingailembere ndikanakhala inu. Masiku ndi manambala musinthe kuti akhale anu.

"Bambo,

Ndalandira uthenga wanu wokhudza ketulo imene munagula pa 3 Malichi n'kuibweza pa 8 Epulo. Zikomo pondilembera ineyo mwachindunji.

Tsiku limene munabwera, munauzidwa kuti sitibweza ndalama ketuloyo isanaonedwe n'komwe. Zimenezo sizinayenera kutero. Pepani, ndipo ndakambirana naye amene anakulandirani.

Ketuloyo ndaiyesa pa soketi ina ndi pa chokhalira china, ndipo mmisiri wa zamagetsi waitsegula pa 10 Epulo. Chingwe, pulagi ndi chokhalira zili bwino. Chitsulo cha pansi chili ndi mabala a moto ndipo chotenthetsera chapsa, zimene zimachitika ketulo ikayaka mulibe madzi okwanira. Mmisiriyo sanapeze vuto lochokera kofakitale, ndipo kuwonongeka kotere galanti siikuphimba. Zithunzi ndi kapepala kake ndakutumizirani limodzi ndi kalatayi. Ketuloyi ndinaipikula kwa ogulitsa odziwika, ndipo lisiti lake mukhoza kudzaliona. Pa zifukwa zimenezi sindingathe kubweza ndalama zonse.

Komabe mwaigwiritsa ntchito milungu isanu yokha, ndipo sindikufuna kuti mutsale chimanjamanja. Mwa kufuna kwanga, osati chifukwa choti ketuloyo inali ndi vuto, mukhoza kusankha chimodzi mwa ziwiri izi: ndikubwezereni 30 mwa 100 imene munalipira, kapena ndikuchotsereni 40 pa ketulo yatsopano. Ndalamazo ndidzazibweza mwa njira yomwe munalipirira, pasanathe masiku awiri mutandiuza chimene mwasankha. Ketulo yakaleyo ndi yanu, ndipo mukhoza kudzaitenga. Mwayi umenewu ulipo mpaka pa 25 Epulo.

Ngati mukufuna kuti mmisiri wina amene mumamukhulupirira aione, ndilibe nazo vuto. Akapeza vuto la kofakitale, ndidzaionanso nkhaniyi.

Ndine wanu,
mwini sitolo."

Taonani zina mwa zimene zili m'kalatayi, makamaka zimene mulibemo. Palibe paliponse pamene palembedwa kuti "munaiyatsa mulibe madzi". Palembedwa kuti mabala otere amabwera ketulo ikayaka mulibe madzi. Kusiyana kwake n'kwakukulu. Inu simunali m'nyumba mwawo. Mwina anaiyatsa ndi mwana, mlendo kapena wantchito, ndipo bambowo akukhulupiriradi ndi mtima wonse kuti palibe amene analakwitsa. Mukawaloza chala, mwawaitanira ku mkangano wa ndani wabodza, ndipo mkangano umenewo sutha. Mukaloza ketuloyo, mwawasiyira khomo loti avomere osachita manyazi: akhoza kukafunsa kunyumba, kumva zoona, n'kubwera kudzatenga ndalamazo mwakachetechete.

Mawu owawa aja akuti mumagulitsa zachinyengo ayankhidwa ndi chiganizo chimodzi chokha, cha lisiti la kopikula. Ndikudziwa kuti amenewo ndi mawu amene akukusowetsani tulo, ndipo mtima ukufuna kulemba ndime yonse ya zaka zimene mwagwira ntchito mokhulupirika. Musatero, mayi. Ndipo musawabwereze mawuwo, ngakhale powakana. Kalata ya kasitomala imaonetsedwa kwa abale ndi anzake, ndipo munthu wowerenga mothamanga amangotola mawu akuti "zachinyengo" n'kuiwala kuti munali kuwatsutsa. Lembani ngati mukulembera munthu wachitatu ameneyo, amene sakudziwani ndipo sanakwiye. Iye akawerenga n'kuona kuti mwalankhula mwaulemu komanso mwapereka umboni, kalatayo yagwira ntchito yake ngakhale mwini dandaulo atakhalabe wokwiya.

Dongosolo lake nalonso lili ndi chifukwa. Kukana kwabwera ndalama zisanatchulidwe. Mukayamba ndi ndalama, munthu amawerenga nambalayo ngati poyambira kunenerera, ndipo zifukwa zonse zotsatira amaziona ngati zodzikhululukira. Mukayamba ndi umboni n'kunena "sindingathe" kamodzi momveka, 30 ija imafika ngati chinthu chimene sanali kuchiyembekezera. M'kalata yeniyeni lembani ndalamazo mu manambala enieni, osati "gawo lina" kapena "kangachepe", chifukwa mawu osamveka amabala mkangano wachiwiri pa kauntala. Musawauze kuti 30 ndi phindu lanu. Masamu a mpamba wanu ndi anu. Tsiku lomaliza liikidwe pafupifupi milungu iwiri kutsogolo, kuti munthu apeze nthawi yoziziritsa mtima komanso nkhaniyo isadzadzuke patatha miyezi.

Chiganizo chomaliza, cholola mmisiri wina, ena amachiopa. Ine ndimachiona kuti ndicho chimalimbitsa kalata yonse, chifukwa chimasonyeza kuti simukubisa kanthu. Koma muchilembe pokhapokha ngati mudzachisungadi.

Mukalemba, gonani nayo kalatayo usiku umodzi, m'mawa muiwerenge mokweza. Paliponse pamene mawu anu akukwera powerenga, fufutanipo. Mawu ngati "monga ndinakuuzani kale", "aliyense amadziwa kuti" ndi "kunena zoona" amatuluka okha munthu akapwetekedwa, ndipo onse amanyoza wowerenga. Komanso musachedwe kupitirira masiku awiri kapena atatu. Ngati mmisiri akuchedwa, tumizani mzere umodzi wonena kuti mwalandira dandaulo ndipo mudzayankha pofika tsiku lakuti.

Akavomera, bwezani mwa njira yomwe analipirira: ngati inali khadi, pa khadi pomwepo, ngati inali foni, pa nambala yomweyo, kuti pakhale umboni wolumikiza malonda ndi kubwezako. Ngati ndi ndalama zapamanja, alembe dzina ndi kusaina pa kapepala konena tsiku, nambala ya lisiti, ndalama zimene alandira, ndi kuti zaperekedwa mwa kufuna kwa sitolo. Izi zimathandiza makamaka kwa wolipira pa khadi, amene angathe kukadandaula ku banki yake kuti imubwezere ndalama zonse; zikatero kalata yanu, zithunzi ndi kapepalako ndizo zidzakuyankhulireni. Musaike lamulo loti alandire ndalamazo pokhapokha akalonjeza kukhala chete kapena kusakadandaula kwina. Zimenezo zimasandutsa kukoma mtima kwanu kukhala ngati kugula pakamwa pa munthu, ndipo m'malo ambiri kapepala kotere sikachotsa ufulu umene lamulo linamupatsa.

Akakana n'kutumiza uthenga wina waukali, musawonjezere nambala chifukwa cha phokoso. Mukachoka pa 30 kufika pa 50 popanda umboni watsopano, mwawaphunzitsa kuti kukalipa kumalipira, ndipo mnyamata wanu, amene akuona zonsezi, sadzadziwanso poima tsiku lina inu mulibe. Yankhani kamodzi kokha, mwachidule: "Bambo, ndamva. Zimene ndinapeza sizinasinthe, ndipo njira ziwiri zija zikadalipo mpaka pa 25 Epulo. Ngati muli ndi kapepala ka mmisiri wina, nditumizireni." Akanena kuti akupita ku bungwe loteteza ogula, auzeni mwaulemu kuti ndi ufulu wawo ndipo mudzapereka zonse zimene bungwelo lingafune. Ketuloyo muisunge m'bokosi lake, lisiti, zithunzi ndi kapepala ka mmisiri zili pamodzi, ndipo musalole wina aliyense kuitsegulanso kapena kuchotsapo chokhalira chake mpaka mwini wake adzaitenge kapena nkhaniyo itatha.